Fomu ya ngongole imalakwira m'malire

Azakhali anga amagulitsa tomato ndi anyezi. Sukulu sadapite nayo patali, koma pa ndalama simungawapusitse. Tsiku lina adandipempha kuti ndiwaperekeze ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, poti ankafuna kuwonjezera mpamba wokapikulira katundu ku Lizulu. Pakhoma, pafupi ndi khomo lolowera, panali chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti ngongole zilipo kuyambira K50,000 mpaka K2,000,000. Azakhali adawerenga pang'onopang'ono, kenaka n'kunena kuti K50,000 iwakwana, safuna katundu woti awathyole khosi.

Mtsikana wapakauntala adalowetsa dzina, nambala ya chiphaso ndi zina zonse mu kompyuta, adalemba ndalamazo, n'kudina batani. Pasikirini padatuluka mawu ofiira.

"Mayi, yakana. Ikuti ndalama zachepa."

"Zachepa bwanji mwanangu? Si mwalemba nokha pakhomapo kuti kuyambira fifite sauzande?"

"Imatero imeneyi, mayi. Tingolemba K51,000, ilola."

Adalembadi K51,000, ndipo kompyuta idalola popanda vuto. Azakhali adasaina kwinaku akung'ung'udza kuti akakamizidwa kukongola K1,000 yomwe sadaifune, yomwenso ibala chiwongoladzanja chake. Mtsikanayo sadadabwe n'komwe. Zinkaoneka kuti adaizolowera kompyutayo monga momwe munthu amazolowerera chitseko chofuna kuchinyamula pang'ono kuti chitseguke.

Ine ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu a pakompyuta asanaperekedwe kwa anthu, choncho chomwe chidachitika pakauntala paja ndidachizindikira msanga. Fomuyo sidayesedwe m'malire. Kuyesa m'malire ndi njira yakale pa ntchito yathu. Glenford Myers, katswiri yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya IBM, adaifotokoza bwino m'buku lake la mu 1979 lokamba za luso loyesa mapulogalamu, ndipo mpaka pano aliyense wophunzira ntchitoyi amakumana nayo m'masabata oyambirira. Mfundo yake ndi yoti pamene pulogalamu ili ndi lamulo lonena kuti kuyambira apa kulekezera apo, zolakwika zambiri zimabisala pa "apa" ndi pa "apo" pomwepo. Pakati pamakhala bata.

Tiyeni tiitenge fomu ya azakhali ija ngati kuti aipereka kwa ife kuti tiiyese isanapite kwa makalaliki.

Choyamba, sitingayese nambala iliyonse. Kuchokera pa K50,000 kufika pa K2,000,000, tikamawerenga kwacha imodziimodzi, pali manambala 1,950,001. Mutati nambala iliyonse ikutengereni mphindi imodzi, n'kumagwira maola 8 tsiku lililonse osapumula ngakhale Lamulungu, mungamalize patatha zaka zoposa 11. Palibe bwana angakudikireni. Ndiye timagawa manambala onse m'magulu, malinga ndi momwe pulogalamu ikuyenera kuwachitira. Pa fomu yathu magulu alipo atatu: ndalama zochepera K50,000 zomwe ziyenera kukanidwa, ndalama zapakati zomwe ziyenera kulandiridwa, ndi zopitirira K2,000,000 zomwe ziyeneranso kukanidwa. Ngati pulogalamu yalandira K300,000, palibe chifukwa choganizira kuti ikana K300,500, poti zonsezi zikudutsa pa lamulo limodzi. Mayi wophika ndiwo salawa mphika wonse.

Woyesa waulesi amalekera pomwepa. Amatola nambala imodzi m'gulu lililonse, mwina K10,000, K500,000 ndi K5,000,000. Yoyamba yakanidwa, yachiwiri yalandiridwa, yachitatu yakanidwa, basi iye n'kulemba kuti fomu ili bwino. Sananame, magulu atatuwo alipodi. Chomwe sanatsimikize ndi malo enieni pomwe gulu lina likuthera n'kuyamba linzake. Amene adakhalapo pa mlandu wa munda kwa amfumu akudziwa zomwe ndikunena. Anthu sakanganirana pakati pa munda, aliyense amadziwa kuti apa m'pake. Mkangano umakhala pa mzere womaliza, pa chitsa chija kapena pa chulu chija, kuti kodi chili mbali ya yani.

Choncho timapita pa chitsa penipeni. Pamalire a m'munsi timayesa manambala atatu oyandikana: K49,999, K50,000 ndi K50,001. Pamalire a pamwamba timayesanso atatu: K1,999,999, K2,000,000 ndi K2,000,001. Tisanakhudze kompyuta timayamba talemba papepala zomwe tikuyembekezera pa nambala iliyonse. K49,999 ikanidwe, ndipo uthenga unene kuti ndalama zachepa. K2,000,001 ikanidwe, uthenga unene kuti zachuluka. Zinayi zotsalazo zilandiridwe. Kulemberatu kumeneku si mwambo chabe. Munthu ukayamba wadina batani usanalembe chomwe ukuyembekezera, chilichonse chomwe kompyuta yatulutsa chimaoneka ngati cholondola, makamaka Lachisanu madzulo.

Pali oyesa ena omwe amangotenga manambala awiri pamalire aliwonse, wapamalire penipeni ndi mnzake wa kunja, kotero kuti fomu yonse imayesedwa ndi manambala anayi. Njira zonse ziwiri n'zodziwika ndipo zimaphunzitsidwa. Ine pa nkhani ya ndalama ndimakonda ya atatu, ndipo chifukwa chake chioneka kutsogoloku.

Nanga cholakwika cha fomu ya azakhali chimaoneka bwanji m'kati mwa pulogalamu? Sindidaone zomwe wolemba pulogalamu wa bungwe lija adalemba, koma matenda oterewa ndawaona kambirimbiri ndipo nkhope yake imakhala yotere:

```
if (ndalama > 50000 && ndalama <= 2000000) {
    landira();
} else {
    kana();
}
```

Musaope zizindikirozo. Mzere woyamba ukunena kuti ngati ndalama zaposa 50000, komanso sizidapitirire 2000000, landira. Onani kusiyana kwa mbali ziwirizo. Mbali ya pamwamba ili ndi chizindikiro `<=`, kutanthauza kuchepera kapena kufanana, ndiye K2,000,000 yeniyeni ilowa. Mbali ya m'munsi ili ndi `>` yekha, kutanthauza kuposa. K50,000 siposa K50,000, imangofanana nayo, choncho ikanidwa. Pamafunika `>=`. Kachizindikiro kamodzi kadatsala, ndipo mwa manambala pafupifupi mamiliyoni awiri aja, imodzi yokha ndi yomwe ingaulule zimenezi. K10,000 singaulule, K500,000 singaulule, ngakhale K50,001 singaulule.

Wina anganene kuti ngati vuto likukhudza nambala imodzi mwa mamiliyoni awiri, ndiye n'laling'ono. Apa m'pomwe fomu ya ngongole imasiyana ndi zinthu zina zomwe timayesa. Malire a ngongole amakhala manambala obulungira, ndipo anthu nawonso amapempha manambala obulungira. Palibe amene amalowa m'banki kukapempha K137,412. Wamantha ngati azakhali amapempha yochepetsetsa yomwe yalembedwa pakhoma. Wolimba mtima, yemwe akufuna kugula chigayo kapena kumalizitsa nyumba ya lendi, amafunsa kuti yochuluka kwambiri ndi zingati n'kupempha yomweyo. Ndiye kuti nambala yomwe wolemba pulogalamu angalakwitse mosavuta ndi yomwenso anthu ambiri amaimapo. Chikwangwani chomwe chija chimawatumiza pa chitsa.

Mawu oti "mpaka"

Nthawi zambiri wolemba pulogalamu salakwa chifukwa cha chala kuterereka. Amalakwa chifukwa lamulo lomwe adapatsidwa limamveka pawiri. Chichewa chathu chomwechi chimatha kutisokoneza. Sitolo ikalemba kuti imatsegula Lolemba mpaka Lachisanu, tonse timadziwa kuti Lachisanu n'kotsegula. Koma mphunzitsi akauza ana kuti tchuthi mpaka Lolemba, ana ena abwera Lolemba, ena abwera Lachiwiri, ndipo onse ali ndi chonena. "Mpaka" yemweyo, pena akulowetsa tsiku lomaliza, pena akulisiya kunja. Mawu ngati "osachepera" ndi "osapitirira" ndi omveka bwino, amalowetsa nambala yapamalire. "Kuposa" ndi "kuchepera" amaisiya kunja. Koma olemba malamulo a ngongole sakhala pansi kusankha mawu ndi maganizo a kompyuta. Amalembera anthu anzawo, omwe akakumana ndi zokayikitsa amangogwiritsa ntchito nzeru. Kompyuta ilibe nzeru zoterozo, imafuna kuuzidwa mbali yomwe chitsa chili.

N'chifukwa chake gawo lalikulu la kuyesa m'malire limachitika kompyuta ili chizimire. Woyesa amanyamula pepala lake la manambala 6 aja n'kupita kwa mkulu woona za ngongole.

"Bwana, munthu akapempha K2,000,000 yeniyeni, timupatse?"

Kawirikawiri yankho limabwera msanga, kuti eya. Koma pena bwanayo amayamba wakanda m'mutu, n'kunena kuti adikire afunse kaye ku likulu. Mukamva choncho dziwani kuti mwapeza kale cholakwika, ngakhale pulogalamu isanalembedwe, chifukwa ngati mwini lamulo sakudziwa, wolemba pulogalamu adangolota. Mafunso oterewa amaoneka achibwana ndipo ena amachita nawo manyazi, koma safunsa adadya phula.

Funso lachiwiri lopita nalo kwa bwana yemweyo ndi loti sitepe imodzi pa fomuyi ndi yaikulu bwanji. Pamwambapa ndatenga kwacha imodzi ngati sitepe, n'chifukwa chake mnansi wa K50,000 ndati ndi K49,999. Koma kwacha ili ndi matambala 100. N'zoona kuti tambala sigulanso kanthu pamsika, ndipo ana ambiri a masiku ano sadaigwirepo, koma m'makompyuta a mabanki ikadali moyo, poti chiwongoladzanja chimawerengedwa mpaka pa tambala. Ngati fomu imalola kadontho ndi manambala awiri kutsogolo kwake, ndiye mnansi weniweni wa K50,000 ndi K49,999.99, ndipo wa K2,000,000 ndi K2,000,000.01. Kuyesa K49,999 pa fomu yotere kuli ngati kuima mapazi 100 kutali ndi chitsa n'kumati ndafika. Pali mapulogalamu omwe amayamba abulungiza nambala asanaiyerekeze ndi malire. Oterewa K49,999 amaikana bwinobwino, koma K49,999.99 amaiona ngati K50,000 n'kuilandira, kenaka n'kusunga m'kaundula nambala yosabulungiza ija. Tambala imodzi siingagwetse bungwe. Vuto ndi loti m'kaundula muli ngongole yomwe malamulo akuti singakhalepo, ndipo gawo lina la pulogalamu, lomwe limakonza ndondomeko ya kabwezedwe, likhoza kuikana mawa ndalama zitatuluka kale.

Sitepe ikhozanso kukhala yaikulu kuposa kwacha, ndipo apa m'pomwe nambala yachitatu ija, K50,001, imagwira ntchito yake. Mafomu ambiri a pa intaneti amalembedwa motere:

```
<input type="number" min="50000" max="2000000" step="1000">
```

Mawu oti `min` ndi `max` ndi malire athu aja, ndipo pano onse awiri akulowetsa nambala yapamalire. Koma `step="1000"` akunena kuti fomu izilandira manambala olumpha ndi K1,000 kuchokera pa K50,000: K51,000, K52,000, choncho. K50,001 ikanidwa, K75,500 ikanidwanso. Mwina bungwe likufunadi zimenezo, kuti ngongole zizikhala zobulungira. Mwinanso wolemba pulogalamu adaikapo yekha kuti timivi tokweza ndi kutsitsa nambala tiziyenda msanga, osadziwa kuti wapanga lamulo latsopano. Woyesa wa manambala awiri sangaone zimenezi, chifukwa K49,999 ikanidwa monga amayembekezera ndipo K50,000 ilandiridwa. Ngakhale atawonjezera nambala yapakati, dzanja lake lidzalemba K500,000, yobulungira, n'kudutsa. K50,001 ndi yomwe imafukula lamulo lobisikalo, ndipo woyesa amabwereranso kwa bwana kukafunsa ngati akulidziwa.

Malire omwe sali pachikwangwani

Chikwangwani chimatchula malire awiri, koma m'buku la malamulo a ngongole mumakhala ena. Tiyerekeze kuti bungwe lathu lili ndi lamulo loti ngongole zazing'ono amavomereza ndi mkulu wa nthambi popanda chikole, pomwe zazikulu zimafuna chikole ndipo zimapita ku komiti. Mzere wake uli pa K500,000. Pa tsamba lina la bukulo alemba kuti mkulu wa nthambi amavomereza ngongole zochepera K500,000. Pa tsamba lina alemba kuti komiti imaona ngongole zoposa K500,000. Mukawerenga mothamanga zikumveka bwino. Wolemba pulogalamu naye amalemba mokhulupirika zomwe wawerenga:

```
if (ndalama < 500000) tumizaKwaMkulu();
if (ndalama > 500000) tumizaKuKomiti();
```

Nanga wopempha K500,000 yeniyeni? Sachepera, saposa. Fomu yake ilandiridwa, poti ili pakati pa K50,000 ndi K2,000,000, ndipo iye alandira uthenga pafoni woti pempho lake lafika. Koma silipita kwa mkulu wa nthambi, silipitanso ku komiti. Lingokhala m'kaundula popanda mwini. Cholakwika chamtunduwu n'choipa kuposa cha azakhali, chifukwa palibe mawu ofiira otuluka pasikirini. Munthu adikira sabata ziwiri, abwera kudzafunsa, kalaliki ayang'ana n'kumuuza kuti likadali m'ndondomeko, ndipo onse awiri akhulupirira kuti kwinakwake wina akuliona. N'zothekanso kulakwa mbali inayo, mizere yonse iwiri n'kukhala ndi chizindikiro cha kufanana. Apo pempho la K500,000 lipita kuwiri, mkulu wa nthambi n'kulivomereza popanda chikole komiti isanakhale n'komwe.

Mankhwala ake ndi omwe aja: K499,999, K500,000 ndi K500,001. Kusiyana kwake n'koti pano kuona mawu oti pempho lalandiridwa sikokwanira. Woyesa ayenera kulowa mu pulogalamu ngati mkulu wa nthambi, aone zomwe zafika pa tebulo lake, atuluke, alowenso ngati wa komiti. Pempho lililonse mwa atatuwo lipezeke malo amodzi, osati awiri, osatinso kusowa. Mzere uliwonse womwe ukusintha kanthu, kaya ndi chiwongoladzanja, kaya miyezi yobwezera, kaya chiwerengero cha mboni zosainira, umabweretsa manambala ake atatu. Fomu ya mizere inayi ifuna manambala 12, ntchito ya m'mawa umodzi.

Pali malire ena omwe salembedwa paliponse, ofunika kuwawerengera ndi pensulo. Mabungwe ambiri amalipiritsa kangachepe koyendetsera pempho. Tinene kuti lathuli limatenga K2 pa K100 iliyonse, ndipo m'malo moti munthu alipire pakauntala, amaiphatikiza ku ngongole. Wopempha K2,000,000 ndiye kuti ngongole yake yolembedwa ikhala K2,040,000. Tsono malire a K2,000,000 aja akunena za ndalama iti, yomwe munthu wapempha kapena yomwe yalembedwa pa dzina lake? Ngati fomu ikuyang'ana yopemphedwa pomwe gawo losunga maakaunti likuyang'ana yolembedwa, pempho lidutsa pakhomo loyamba n'kukakanidwa pa lachiwiri, mwina munthu atasaina kale mapepala ndi kuuza mwini chigayo kuti ndalama zikubwera. Ngati lamulo likunena za yolembedwa, malire enieni a fomu sali pa K2,000,000. Timagawa 2,000,000 ndi 1.02, n'kupeza kuti chitsa chili pakati pa K1,960,784 ndi K1,960,785. Yoyambayo ikaphatikizidwa ndi kangachepe kaja ikwana K1,999,999.68, yololedwa. Yachiwiriyo ikwana K2,000,000.70, yapitirira. Manambala awiri osaoneka bwinowa simungawapeze pachikwangwani kapena m'buku la malamulo, koma ndi omwe ayenera kuyesedwa. Bungwe lomwe limadula kangachepeko ku ndalama zoperekedwa lili ndi funso lomwelo kumunsi: wopempha K50,000 alandira K49,000 m'manja, ndipo wina ayenera kunena ngati zimenezo zikuloledwa.

Zomwe njirayi singaone

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti manambala 6 amachiza zonse. Kuyesa m'malire kumayankha funso limodzi, loti mzere uli pamalo pake kapena ayi. Kumaganiza kuti chomwe chalembedwa m'bokosi ndi nambala yabwinobwino, pomwe anthu amalemba zomwe adazolowera. Ambirife timalemba 50,000 ndi mpatuliro pakati. M'chinenero cha mapulogalamu chotchedwa JavaScript, chomwe mafomu ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito, lamulo la `parseFloat("50,000")` limawerenga mpaka pa mpatuliro n'kuima, yankho lake n'kukhala 50. Fomu ndiye inena kuti ndalama zachepa, uthenga womwe uja adauona azakhali, koma matenda ake ndi ena. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Lembani 50000 popanda mpatuliro, kenaka 51,000 ndi mpatuliro. Ikakana yoyamba n'kulola yachiwiri, vuto ndi la malire. Ikalola yoyamba n'kukana yachiwiri, vuto ndi la mpatuliro. Mtsikana wa pakauntala uja adalemba K51,000 mofanana ndi momwe adalembera K50,000 ndipo idadutsa, n'chifukwa chake ndidatsimikiza kuti lawo linali la malire. Bokosi losiyidwa lopanda kanthu, ziro, nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, chilembo K cholembedwa pamodzi ndi nambala, zonsezi zimayesedwa pazokha.

Chinanso, ngongole masiku ano ili ndi makomo angapo. Wina amapempha pa kompyuta ya kalaliki, wina pa apu ya pafoni, wina podina manambala oyamba ndi nyenyezi pa kafoni ka mabatani. Kumbuyo kwa onsewa kuli seva, kompyuta yaikulu yomwe imasunga kaundula. Ngati malire adalembedwa pakhomo lililonse payekhapayekha, manambala 6 aja ayenera kuyesedwa pakhomo lililonse, ndiponso pa seva penipeni, chifukwa malire okhala pa tsamba la intaneti pokha munthu wodziwa akhoza kuwalambalala n'kutumiza nambala yomwe akufuna. Makomo amayamba kusemphana makamaka malire akasinthidwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe inkagula katundu wodzadza ngolo idasiya kukwanira, ndipo nthawi ngati zimenezo wobwereketsa aliyense amaganiza zokweza malire. Nambala yatsopano ikalowa pa apu n'kuiwalika pa seva, kapena ikasintha mu lamulo n'kutsala yakale mu uthenga wofiira uja, mpungwepungwe umayambira pomwepo. Malire akasuntha timayesa atsopano, koma timayesanso akale, kuti tione ngati adachokadi.

Kukweza malire kumatha kukugunditsani ku khoma la makina enieniwo. Mapulogalamu ambiri amasunga ndalama ngati matambala athunthu, zomwe ndi nzeru, poti makompyuta sasunga bwino manambala a kadontho. Koma mtundu wina wofala wa kabokosi kosungira nambala umalekeza pa 2,147,483,647. Mu matambala imeneyo ndi K21,474,836.47 basi. Fomu yolekeza pa K2,000,000 ili kutali ndi khomalo. Tsiku lomwe bungwe lidzayambe ngongole za mabizinesi zofika K25,000,000, nambala imeneyi idzakhala malire ofunika manambala ake atatu, ngakhale palibe bwana adailamula. M'zinenero zina za mapulogalamu nambala ikapitirira pamenepo imatembenuka n'kukhala yochepera ziro, kotero kuti wopempha K25,000,000 angauzidwe kuti ndalama zachepa.

Tibwerere ku bungwe la azakhali. Chomwe chidandikhalitsa chete pa minibasi pobwerera sichinali cholakwikacho, poti kachizindikiro kamodzi aliyense angakaiwale, inenso ndidakaiwalapo. Chinali choti makalaliki ankachidziwa ndipo adachipezera njira yolambalala, mwina kwa miyezi. Cholakwika chikapeza njira yolambalala sichifikanso kwa woti achikonze. Kalaliki sadandaula poti mzere ukuyenda, wobwereka sadandaula poti ndalama walandira, ndipo ku likulu malipoti akuoneka abwino.

Komabe chimasiya mapazi, ndipo amene ali ndi kaundula wa ngongole angawaone popanda kudziwa kulemba pulogalamu. Sanjani ngongole zonse kuyambira yaing'ono kufika yaikulu, muyang'ane kumayambiriro ndi kumathero. Ngati chikwangwani chikuti kuyambira K50,000, payenera kukhala mulu wa ngongole za K50,000 yeniyeni. Mukapeza kuti palibe ngakhale imodzi, koma za K51,000 kapena K50,100 zili mbwee, pamenepo pali `>` yemwe adasowa mnzake. Kumathero chimodzimodzi: mulu wa K1,999,000 popanda K2,000,000 ndi chizindikiro cha matenda omwewo kumtunda. Za K500,000 muziyang'ane masiku omwe zidatenga kuti zivomerezedwe, muyerekeze ndi za K450,000 ndi K550,000.

Ndidalemba kakalata kachidule n'kukasiya kwa mkulu wa nthambi, monga momwe timalembera kuntchito: nambala yomwe idalowetsedwa, zomwe chikwangwani chikulonjeza, zomwe kompyuta idayankha, ndi nambala yoyandikana nayo yomwe idadutsa. Pansi pake ndidawonjezera kuti akakonza asayese K50,000 yokha, ayesenso zisanu zinazo, chifukwa dzanja lomwe likukonza mbali ina ya mzere limatha kugwedeza inayo. Azakhali adabweza ngongole yawo m'miyezi isanu ndi umodzi. K1,000 yowonjezera ija adagulira majumbo oikiramo tomato, ndipo mpaka lero akaikumbukira amati adawagula pa ngongole ya kompyuta.